Ntchito Yakanika, Koma Ndalama ya Gasi Yapita

Pa 30 Epulo 2022 kampani ya ku America yotchedwa Yuga Labs inayamba kugulitsa malo 55,000 a m'dziko la masewera a pa intaneti lotchedwa Otherside. Malondawo ankachitikira pa Ethereum, ndipo anthu anakhamukirako nthawi imodzi, aliyense akufuna kuti alowe mnzake asanalowe. Mtengo wa gasi unakwera mochititsa mantha, moti m'maola ochepa okha anthu anali atalipira madola oposa 150 miliyoni pa gasi yekha. Amene anapeza malo anadandaula koma anali ndi chogwira m'manja. Chisoni chenicheni chinagwera ena amene thiranzakishoni yawo inakanika: malo sanapeze, koma ndalama ya gasi inachoka m'waleti mwawo. Patapita masiku angapo kampaniyo inawabwezera ndalamazo kuchokera m'thumba mwake, mwa kufuna kwake. Ethereum yeniyeniyo sinabweze kanthu, ndipo sibweza.

Zimenezi sizichitika pa malonda akuluakulu okha. Zimachitika tsiku lililonse kwa munthu wamba amene akusintha madola ake a pa intaneti kapena kulipira mnzake wa kunja. Amadina batani, amadikira pang'ono, kenako amaona mawu ofiira akuti `Fail`. Akayang'ana m'waleti, matokeni ake ali momwemo koma ETH yachepa. Ambiri amaganiza kuti aberedwa. Ena amadinanso batani lija kachiwiri ndi kachitatu, n'kumalipira ulendo uliwonse. Izi zimandiwawa, chifukwa kawirikawiri chimene chinalakwika chimakhala chitalembedwa poyera pa tsamba lomwelo, ndipo kuchiwerenga sikulira digiri ya zamakompyuta.

Chimene mumalipira mukamalipira gasi

Simati kontrakiti ndi pulogalamu yaing'ono imene inaikidwa pa bulokucheni ndipo ili ndi adiresi yakeyake. Ilibe kalaliki, ilibe bwana woti mungamuchonderere. Mukaitumizira thiranzakishoni, makompyuta masauzande ambiri amene amasunga Ethereum padziko lonse amayendetsa pulogalamuyo mzere ndi mzere, iliyonse payokha, kuti onse agwirizane pa zotsatira zake.

Kachidutswa kalikonse ka ntchito kali ndi mtengo wake wowerengedwa mu gasi. Kuphatikiza manambala awiri ndi gasi 3. Kuwerenga koyamba chinthu chosungidwa m'kontrakiti ndi gasi 2,100. Kulemba chinthu chatsopano pamalo pamene panalibe kanthu kumapitirira gasi 20,000. Ndipo thiranzakishoni iliyonse, isanachite n'chimodzi chomwe, imayamba ndi gasi 21,000 wongolowera pakhomo. Ndalama imene mumalipira ndi gasi amene wagwiritsidwa ntchito kuchulukitsa ndi mtengo wa gasi pa nthawiyo. Mtengowo umatchulidwa mu gwei, ndipo ma gwei 1 biliyoni ndiwo amapanga ETH imodzi.

Tayerekezani kuti mwachita hayala galimoto kuti mukatule matumba a chimanga kwa wogula wa ku tauni. Mwafika, wogulayo akuti mtengo umene munapangana dzulo sangaukwanitse lero. Mwakana kugulitsa motchipa, mwabwerera kwanu ndi chimanga chanu chonse, palibe thumba limene lasowa. Koma mafuta apsa, ndipo mwini galimoto sangakhululuke ngongoleyo chifukwa chakuti malonda sanatheke. Iye ulendo wayenda. Gasi amalipirira ulendo, salipirira zotsatira.

Pali chifukwa chomveka chimene anakonzera zinthu motere. Palibe njira yodziwira mwachidule ngati pulogalamu ina iliyonse ithera bwino kapena ayi popanda kuiyendetsa. Choncho pamene kontrakiti ikunena kuti "ayi", makompyuta onse aja amakhala atagwira kale ntchito. Kukanakhala kuti thiranzakishoni yokanika ndi yaulere, munthu wankhanza akanatha kutumiza mamiliyoni a mathiranzakishoni olemera amene amakanika dala pa mzere womaliza, n'kutsamwitsa netiweki yonse osalipira ndi tambala yomwe. Kulipiritsa ntchito yokanika ndiye mpanda woteteza wina aliyense.

Nanga ndalamayo imapita kuti? Kuyambira mu Ogasiti 2021, pamene Ethereum inasintha kalipiridwe kake, malipirowa ali pawiri. Gawo loyamba limawotchedwa, kutanthauza kuti limafafanizidwa ndipo palibe amene amalilandira. Gawo lachiwiri limapita kwa amene anaika thiranzakishoni yanu m'buloko. Mwini kontrakiti salandirapo kanthu. N'chifukwa chake kulembera uthenga kwa eni pulogalamu kuti "bwezani gasi wanga" nthawi zambiri sikuphula kanthu: ndalamayo sinafike m'manja mwawo.

Nkhani ya madola 500

Tiyeni titsate thiranzakishoni imodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamene ikugwa. Manambala a mitengo ndawasankha kuti masamu asavute, koma kayendedwe kake ndi kenikeni.

Mayi wina ali ndi 500 USDC, tokeni imene imatsata mtengo wa dola ya ku America, ndipo akufuna kuisintha kuti ikhale ETH. Akugwiritsa ntchito kontrakiti ya Uniswap V2, msika wopanda mwini sitolo umene unatsegulidwa mu 2020 ndipo misika ina yambiri inakopera mapangidwe ake. Pa msika umenewu simugula kwa munthu. Mumaponya tokeni yanu m'dziwe la matokeni awiri, n'kutengamo inayo, ndipo mtengo umasintha nthawi iliyonse wina akaponyamo kapena kutengamo.

Pa sikirini pakuoneka kuti alandira 0.2 ETH. Koma pakati pa kudina batani ndi kulowa m'buloko pamadutsa nthawi. Buloko yatsopano imatuluka pa masekondi 12 aliwonse, ndipo ngati mzere ndi wautali thiranzakishoni itha kudikira mphindi zingapo. Pofuna kuteteza wogula, pulogalamu imafunsa kuti angalole mtengo utsetsereke mpaka pati. Pa sikirini zimenezi zimalembedwa kuti `Slippage`. Mayiyu wasiya pa 0.5 peresenti. Ndiye kuti m'thiranzakishoni yake mwalembedwa kuti: ndipatseni ETH yosachepera 0.199, apo ayi musandigulitse n'komwe. Nambala imeneyi m'kontrakiti imatchedwa `amountOutMin`.

Waleti yake yayerekeza ntchitoyo, yaona kuti itheka, ndipo yaika malire a gasi pa 180,000. Mtengo wa gasi uli pa 20 gwei. Wasaina, yapita.

Ali mkati modikira, munthu wina wagula ETH yambiri m'dziwe lomwelo, ndipo thiranzakishoni yake yalowa patsogolo. Pamene ya mayi uja ikufika, madola 500 aja akungogula 0.1985 ETH. Kontrakiti imayamba ndi kuona ngati nthawi imene anaika sinathe. Sinathe. Kenako imafunsa dziwe kuti muli matokeni angati, n'kuwerengera zimene mayiyo angalandire. Ikatero imafika pa mzere uwu:

```
require(amounts[amounts.length - 1] >= amountOutMin,
  'UniswapV2Router: INSUFFICIENT_OUTPUT_AMOUNT');
```

Mawu akuti `require` ndi mlonda wa pachipata. Akunena kuti: ngati zimene zituluke zafika kapena kupitirira pa `amountOutMin`, pitirirani, ngati sizinafike, imani, fafanizani zonse, ndipo perekani uthenga uwu. Popeza 0.1985 ndi yochepa poyerekeza ndi 0.199, kontrakiti ikuima pomwepo. Kuima kotereku ndiko mumakuona pa sikirini ngati `execution reverted`.

Tsopano tiwerenge zimene zatayika. Kontrakiti inaima msanga, isanasunthe tokeni iliyonse, choncho yagwiritsa ntchito gasi pafupifupi 32,000 mwa 180,000 uja. Kuchulukitsa ndi 20 gwei, tikupeza 0.00064 ETH, imene pa mtengo wa madola 2,500 pa ETH imodzi ndi dola imodzi ndi masenti 60. Gasi wotsalayo sanalipidwe. Madola 500 aja ali momwe analili. Ntchito ikanatheka ikanadya mwina gasi 130,000, amene ndi madola 6 ndi theka.

Apa ndimafuna owerenga aone chinthu chimene mkwiyo umabisa. Kontrakitiyi sinasokonekere. Yachita ndendende zimene mayiyo anailamula: yakana kumugulitsa pa mtengo umene iye mwini ananena kuti sakuufuna. Pa mtengo wa dola imodzi ndi masenti 60, iye wagula ufulu wokana.

Ndipo kufafaniza kwake n'kwathunthu. Ngakhale kontrakiti ikanaima mochedwa, itachotsa kale USDC m'waleti mwake n'kuiponya m'dziwe, zonsezo zikanabwerera m'malo mwake ngati sizinachitike. Pa Ethereum palibe thiranzakishoni imene imatheka theka. Ngati munatumiza ETH limodzi ndi lamulo lanulo, ETH imeneyo sichoka. Zinthu zimene sizibwerera ndi ziwiri zokha: ndalama ya gasi, ndi nambala yowerengera mathiranzakishoni anu, yotchedwa `nonce`, imene imasuntha ndi imodzi. Thiranzakishoni yokanikayo imakhalabe m'buloko mpaka kalekale, ili ndi chizindikiro cha 0 pa lisiti lake m'malo mwa 1.

Sizinali choncho kuyambira kale. Ethereum itayamba mu 2015, kontrakiti ikakana inkameza gasi yense amene munaika ngati malire, ndipo sinkanena chifukwa. Lamulo la `REVERT`, limene limabweza gasi wotsala ndi kulola kontrakiti kupereka uthenga, linabwera mu Okutobala 2017. Mayi wathuyu akanakhala wa mu 2016, akanalipira 180,000 yense.

Yambani ndi manambala awiri

Thiranzakishoni iliyonse ili ndi nambala yake yaitali yoyamba ndi `0x`. Mukaikopera m'waleti n'kuiika pa Etherscan, kapena pa tsamba lofanana nalo la netiweki imene mukugwiritsa ntchito, mumaona mbiri yake yonse. Simufunika kulumikiza waleti kapena kulemba mawu achinsinsi kuti muone zimenezi.

Choyamba dziwani ngati inalowadi m'buloko. Ngati tsambalo likuti `Pending`, kapena silikuipeza n'komwe, simunalipire kanthu. Chimodzimodzinso ngati waleti inakana ndi mawu monga `insufficient funds` kapena `nonce too low`: pamenepo thiranzakishoni inabwezedwa pakhomo, palibe kompyuta imene inaigwirira ntchito. Mumalipira pokhapokha pamene pali nambala ya buloko ndi mawu akuti `Fail`.

Ikakhala kuti inalowa, musathamangire uthenga wofiira. Tsikirani m'munsi, tsegulani pamene pali zambiri, mupeze mzere wa `Gas Limit & Usage by Txn`. Pamenepo pali manambala awiri: malire amene munaika, ndi gasi amene anagwiritsidwadi ntchito, limodzi ndi peresenti yake. Manambala awiri amenewa amagawa mavuto onse pawiri.

Ngati peresenti ili pansi, monga 18 peresenti ya mayi uja, kontrakiti inakana yokha. Gasi analipo wokwanira. Kuwonjezera malire a gasi sikungathandize, ngakhale mutaika miliyoni. Anthu ambiri amataya ndalama pamenepa, chifukwa anamva kwa anzawo kuti mankhwala a thiranzakishoni yokanika ndi kukweza gasi.

Ngati peresenti ili pa 100, ndipo uthenga ukuti `out of gas`, gasi anathera panjira. Ili ndi vuto lopweteka kwambiri chifukwa palibe chotsala chobwezedwa. Limachitika kawirikawiri munthu akatsitsa yekha malire pofuna kupulumutsa ndalama. Tinene kuti mayi uja anaona 180,000 n'kuganiza kuti yachuluka, n'kulemba 90,000. Ntchito ikanayenda bwinobwino mpaka pakati, gasi n'kutha, zonse n'kufafanizidwa, iye n'kulipira 0.0018 ETH, madola 4 ndi theka, popanda chotulukapo. Kutsitsa malire sikutchipitsa ntchito. Malire ndi denga chabe. Mumalipira zimene zagwiritsidwa ntchito, osati dengalo. Chimene chimatchipitsa ndi kudikira nthawi imene mtengo wa gwei watsika.

Pali kamsampha kamodzi pakati pa ziwirizi. Kontrakiti ikamaitana kontrakiti inzake, siipatsa gasi wake yense. Imasungako gawo limodzi mwa magawo 64. Choncho zimatheka kuti gasi athere mkati mwa kontrakiti yachiwiri, yoyamba ija n'kugwiritsa ntchito kotsalako ponena kuti `execution reverted`. Uthenga ukuoneka ngati kukana wamba, koma peresenti ili pa 97 kapena 98. Mukaona nambala yoyandikira 100 chotero, kayikirani gasi ngakhale uthenga usamutchule.

Palinso makontrakiti akale amene amameza gasi yense ngakhale sanathe. USDT ya pa Ethereum ndi imodzi mwa iwo. Inalembedwa mu 2017, ndipo mukayesa kutumiza USDT yoposa imene muli nayo, imagwa ndi uthenga wa `invalid opcode`, peresenti ili pa 100. Apa kukweza malire kumangokweza chimene mutaye.

Mawu amene kontrakiti imalankhula

Mukadziwa kuti kontrakiti inakana yokha, tsopano werengani uthenga. Pa Etherscan umabwera pa mzere wa `Status`, m'mawu akuti `Fail with error` otsatidwa ndi zimene wolemba kontrakiti analemba. Mauthengawa ndi afupi ndipo ena ndi ouma, koma amene munthu wosintha matokeni amakumana nawo kawirikawiri ndi ochepa.

Wa mayi uja, `INSUFFICIENT_OUTPUT_AMOUNT`, ukutanthauza kuti mtengo unasuntha kupitirira pamene munalola. Pa Uniswap V3 nkhani yomweyi imalembedwa `Too little received`. Uthenga wa `EXPIRED`, kapena `Transaction too old`, ukutanthauza kuti thiranzakishoni inakhalitsa pa mzere mpaka nthawi imene pulogalamu inaika inatha. Izi zimachitika mukaika mtengo wa gasi wotsika kwambiri: imadikira kwa maola, ndipo pamene mtengo watsika n'kuilola kulowa, imalowa kuti ingokanidwa, inu n'kulipira.

Wina wofala ndi `TRANSFER_FROM_FAILED`, umene pa V3 anaufupikitsa kukhala zilembo zitatu zokha, `STF`. Kontrakiti ya msika inayesa kutenga matokeni m'waleti mwanu koma tokeniyo inakana. Zifukwa zake nthawi zambiri ndi ziwiri: mulibe matokeni okwanira, kapena simunapereke chilolezo chokwanira. Chilolezocho chimaperekedwa ndi thiranzakishoni yapayokha yotchedwa `approve`. Ngati munalola 300 USDC ndipo mukufuna kusintha 500, ikana. Dziwaninso kuti `approve` ikatheka koma kusinthako n'kukanika, chilolezocho chimakhalapobe, chifukwa chinali thiranzakishoni ina, simufunika kuchilipiriranso. USDT ilinso ndi khalidwe lake pano: siilola kusintha chilolezo kuchoka pa nambala ina kupita pa ina musanachibweze kaye pa 0, ndipo ikakana sinena chifukwa.

Si uthenga wonse umene umabwera m'mawu owerengeka. Nthawi zina waleti imakuonetsani mndandanda wautali wa manambala ndi zilembo. Musachite nawo mantha. Yang'anani zilembo 8 zoyambirira pambuyo pa `0x`, chifukwa ndizo zimanena mtundu wa uthengawo. Zikakhala `08c379a0`, ndi uthenga wa mawu wamba umene wangobisika m'manambala. Mwachitsanzo:

```
0x08c379a0
0000000000000000000000000000000000000000000000000000000000000020
0000000000000000000000000000000000000000000000000000000000000003
5354460000000000000000000000000000000000000000000000000000000000
```

Mzere wachiwiri umangoloza pamene mawu ayambira. Wachitatu ukuti mawuwo ali ndi zilembo 3. Wachinayi ndiwo mawuwo: `53` ndi S, `54` ndi T, `46` ndi F. Ndi `STF` yemwe uja.

Zikayamba ndi `4e487b71`, umenewo ndi `Panic`. Uthenga wa mtundu umenewu unabwera mu Disembala 2020 ndi Solidity 0.8.0, Solidity kukhala chinenero chimene makontrakiti ambiri amalembedwera. Sunena mawu, umangopereka nambala kumapeto. Ikakhala `11`, masamu anasefukira, monga kuchotsa 10 pa 7 pamalo pamene manambala otsika kuposa 0 saloledwa. Ikakhala `12`, kontrakiti inayesa kugawa ndi 0. Ikakhala `32`, inafuna chinthu chimene mulibe m'mndandanda. `Panic` amasiyana ndi `require` pa mfundo imodzi yofunika: `require` ndi kukana kumene wolemba anakukonzekera, pamene `Panic` nthawi zambiri ndi pamalo pamene wolembayo sanayembekezere kuti munthu angafikepo. Mukauona, ndi bwino kuwauza eni pulogalamu m'malo moyesanso.

Mtundu wachitatu ndi umene ukuchuluka masiku ano. Kuyambira mu 2021 olemba makontrakiti amatha kupanga mauthenga awoawo okhala ndi dzina m'malo mwa chiganizo, chifukwa amadya gasi wochepa. Pa waya pamangoyenda zilembo 8 zoimira dzinalo, kenako manambala. Mwachitsanzo `e450d38c` ndi `ERC20InsufficientBalance`, ndipo pambuyo pake pamabwera adiresi yanu, matokeni amene muli nawo, ndi amene amafunika. Ngati Etherscan sinamasulire, zilembo 8 zija mutha kuzifufuza pa 4byte.directory, kapena m'kodi ya kontrakitiyo ngati eni ake anaiika poyera pa tsamba la `Contract`.

Ndiye pali nthawi zimene pamangolembedwa `execution reverted` basi, popanda china. Chifukwa chake n'chakuti uthengawo susungidwa pa bulokucheni. Lisiti limasunga 0 uja ndi gasi amene anadyedwa, koma mawu a kukana ayi. Etherscan ndi anzake amawapeza poyendetsanso thiranzakishoniyo pa makompyuta awo monga mmene zinthu zinalili pa buloko imeneyo. Ngati wolemba kontrakiti sanaike mawu, kapena kontrakiti yapakati inameza uthenga wa inzake, palibe chotuluka. Zikatero pamafunika kutsata mapazi. Tsamba la Tenderly limaonetsa kontrakiti iliyonse imene inaitanidwa, motsatizana, ndi pamene zinaimira. Odziwa kulemba mapulogalamu amachita zomwezo ndi lamulo ili la Foundry:

```
cast run <tx_hash> --rpc-url <url>
```

Potsata mapaziwo, funani kukana kwa mkati kwenikweni, kumene kunayamba. Makontrakiti akunja amangolandizana mbiri yoipayo mpaka ifike kwa inu.

Musanayesenso

Waleti yabwino imayeserera thiranzakishoni yanu musanasaine, ndipo kuyeserera kumeneku n'kwaulere. N'chifukwa chake MetaMask nthawi zina imachenjeza kuti yalephera kuyerekeza gasi ndipo thiranzakishoniyo ingakanike, kapena imaonetsa mtengo wa gasi waukulu modabwitsa. Chenjezo limenelo si vuto la foni yanu. Ndi kontrakiti imene yanena kale kuti "ayi" musanalipire. Kupitirira mokakamiza ndi kugula yankho limene mwapatsidwa kale kwaulere.

Koma kuyeserera kuli ndi malire ake, ndipo nkhani ya mayi uja yationetsa. Waleti imayesa pa zinthu monga zilili panopa, pamene thiranzakishoni idzayenda pa zinthu monga zidzakhalire ikadzalowa m'buloko. Pakati pamenepo mtengo utha kusuntha, katundu atha kutha, nthawi itha kudutsa. Palibe waleti imene ingalonjeze kuti sizikanika.

Nanga mayi uja achite chiyani? Njira yofulumira imene aliyense angamuuze ndi kukweza `Slippage`. Kuchoka pa 0.5 kufika pa 1 peresenti, pa tsiku limene mitengo ikugwedezeka, n'zomveka. Koma kuika 10 kapena 20 peresenti kuti ingodutsa n'koopsa kuposa kukanika kumene akukuthawa. Mathiranzakishoni odikira amaoneka poyera, ndipo pali mapulogalamu amene ntchito yawo ndi kusaka anthu olola kutsetsereka kwakukulu. Amagula patsogolo panu kuti mtengo ukwere mpaka pa malire anu enieniwo, inu mumagula modula, iwo n'kugulitsa pambuyo panu. Pa madola 500, kulola 10 peresenti ndi kuika madola 50 pa mbale pofuna kupewa kutaya dola imodzi ndi masenti 60. Ndipo thiranzakishoni yoteroyo imatuluka ndi chizindikiro chobiriwira cha `Success`, moti ambiri sazindikira n'komwe kuti adyeredwa. Kuli bwino kutsitsimutsa tsamba kuti mtengo ukhale watsopano, kuika mtengo wa gasi woti ilowe msanga, kapena kudikira msika ukhazikike.

Pali mtundu umodzi wa kukanika umene uyenera kukuimitsani kotheratu. Munagula tokeni yatsopano imene anthu akuitama pa gulu la WhatsApp kapena Telegram, kugula kunayenda bwino, koma kugulitsa kukukana ulendo uliwonse ndi `TRANSFER_FROM_FAILED` ngakhale chilolezo chili bwino ndipo matokeni muli nawo. Matokeni ena amadula msonkho pa kusamutsa kulikonse, ndipo amenewa pa Uniswap V2 amakonda kugwa ndi uthenga wa `UniswapV2: K`. Amafuna njira ina yosinthira imene msika womwewo uli nayo. Koma ena analembedwa dala kuti mwini wake yekha ndiye azitha kugulitsa. Kuti mudziwe, tsegulani tsamba la tokeniyo pa Etherscan muone ngati pali anthu wamba amene akugulitsa bwinobwino. Ngati onse akungogula ndipo ogulitsa ndi adiresi imodzi kapena ziwiri, palibe gasi kapena `Slippage` imene ingatsegule chitseko chimenecho, ndipo kuyesa kulikonse n'kuwonjezera pa zimene zatayika kale.

Mukalemba za vuto lanu pa gulu lililonse la pa intaneti, yembekezerani kuti wina akulemberani kumbali, akudzitcha wothandiza makasitomala, n'kulonjeza kukubwezerani gasi kapena "kukonza" waleti yanu. Adzakupemphani mawu 12 achinsinsi a waletiyo, kapena kuti musaine kanthu pa tsamba lake. Gasi wowotchedwa palibe angamubweze, ndipo wopatsidwa mawu 12 aja amatenga zonse zimene zili m'waleti. Kwa amene ali ku Malawi, kumbukiraninso kuti Banki Yaikulu ya dziko lino inanena mu 2019 kuti ndalama za mtundu umenewu si ndalama zovomerezeka ndi lamulo, choncho palibe ofesi yake imene ingakulondolereni zotayikazo. Munthu wofunadi kukuthandizani safuna china koposa nambala ya thiranzakishoni ija yoyamba ndi `0x`. Ndi imeneyo yokha atha kuona malire a gasi, gasi amene anadyedwa, uthenga wa kontrakiti ndi mzere umene inaimira.